Tiresi ndi Ditaminanti: Zomwe Zimaulula za Aigenivaliyu za Matiriksi

Matiriksi ndi ndandanda ya manambala oikidwa m'mizere yopingasa ndi yotsika, ndipo ntchito yake yaikulu m'masamu ndi kusonyeza lamulo losinthira vekita imodzi kukhala ina. Vekita ndi gulu la manambala osanjidwa motsatana, monga (1, 1) kapena (1, −2), ndipo ikajambulidwa papepala imaoneka ngati muvi wokhala ndi utali wake komanso mbali imene waloza. Mutu uno ukukhudza matiriksi ya sikweya yokha, kutanthauza imene mizere yake yopingasa ndi yotsika ili yofanana chiwerengero, popeza ndi yokhayi yomwe ili ndi tiresi, ditaminanti ndi aigenivaliyu.

Mwa zinthu zitatuzi, ziwiri zoyamba n'zosavuta kupeza. Tiresi, yomwe imalembedwa tr(A), imapezeka pophatikiza manambala a pa dayagonolo, mzere wopendeka uja wochokera pangodya ya kumwamba kumanzere kukafika pangodya ya pansi kumanja. Ditaminanti, yolembedwa det(A), imafuna ntchito yochulukirapo, koma nayonso imatuluka pochulukitsa, kuphatikiza ndi kuchotsera manambala omwe ali kale m'matiriksimo. Aigenivaliyu ndiye sizioneka pamaso, ndipo pamatiriksi yaikulu kuzipeza kumalira makina owerengera. Ngakhale zili choncho, aigenivaliyu zonse zikaphatikizidwa zimapereka tiresi, ndipo zikachulukitsidwa zimapereka ditaminanti. Lamuloli ndi loona pa matiriksi ya sikweya iliyonse, malinga ngati aigenivaliyuzo zawerengedwa m'njira yoyenera, ndipo pa njira yoyenerayo ndi pomwe ophunzira ambiri amaphonya.

Chitsanzo cha mizere iwiri

Chiyambi chabwino ndi matiriksi A iyi:

```
A = | 4  1 |
    | 2  3 |
```

Tiresi yake ndi 4 + 3 = 7, ndipo ditaminanti yake, potsata lamulo la ad − bc la matiriksi ya mizere iwiri, ndi 4×3 − 1×2 = 10. Matiriksi imeneyi imatenga vekita (x, y) n'kuisandutsa (4x + y, 2x + 3y). Mavekita ambiri akadutsa m'lamuloli amasintha utali ndi koloza komwe. Mwachitsanzo (1, 0), yomwe imaloza kumanja, imasanduka (4, 2), yomwe yapendekera kumwamba. Koma alipo mavekita ochepa amene sapatuka pa mzere wawo. Vekita (1, 1) imasanduka (5, 5), kutanthauza kuti yangotalika kasanu osakhota, ndipo (1, −2) imasanduka (2, −4), kutalika kawiri basi. Vekita yotere, imene si ziro ndipo imangochulukitsidwa ndi nambala imodzi, imatchedwa aigenivekita, ndipo nambala yochulukitsirayo ndiyo aigenivaliyu, yomwe kawirikawiri imalembedwa ndi chilembo cha Chigiriki λ. Tanthauzo lonse limakwana m'kalembedwe kakafupi aka: Av = λv.

Choncho aigenivaliyu za A ndi 5 ndi 2, ndipo 5 + 2 = 7, pamene 5×2 = 10. Manambala a pa dayagonolo, 4 ndi 3, si aigenivaliyu, komabe akaphatikizidwa amafika pomwe aigenivaliyu zafika.

Izi sizinachitike mwamwayi. Ngati Av = λv, ndiye kuti (λI − A)v = 0, pomwe I ndi matiriksi yosasintha kanthu, yokhala ndi 1 pa dayagonolo ndi 0 pena ponse. Matiriksi imene imatha kufafaniza vekita yosakhala ziro iyenera kukhala ndi ditaminanti 0, motero aigenivaliyu ndi manambala λ okhawo amene amakwaniritsa det(λI − A) = 0. Pamatiriksi ya manambala a, b pamzere woyamba ndi c, d pamzere wachiwiri, kuwerengera kumapereka izi:

det(λI − A) = (λ − a)(λ − d) − bc = λ² − (a + d)λ + (ad − bc)

Apa tiresi ndi ditaminanti zatulukira zokha popanda kuzifunafuna: a + d waima pambali pa λ ali ndi chizindikiro chochotsera, ndipo ad − bc watsala payekha kumapeto. Chotulukachi chimatchedwa polinomiyo yodziwitsa matiriksi, ndipo mizu yake, kutanthauza manambala amene akaikidwa m'malo mwa λ yankho limakhala 0, ndiyo aigenivaliyu. Tsono polinomiyo ya mizu λ₁ ndi λ₂ imalembedwanso motere: (λ − λ₁)(λ − λ₂) = λ² − (λ₁ + λ₂)λ + λ₁λ₂. Kalembedwe kawirika kakunena chinthu chimodzi, choncho manambala oima pambali pa λ, omwe amatchedwa makowefishenti, ayenera kufanana mbali zonse. Mgwirizano wa mizu ndi makowefishenti umadziwika ndi dzina la François Viète, Mfalansa amene anakhala ndi moyo kuyambira 1540 mpaka 1603, kalekale matiriksi isanalowe m'masamu. James Joseph Sylvester anaipatsa dzina mu 1850, ndipo Arthur Cayley anayala malamulo ake mu 1858. Pa A ija polinomiyo ndi λ² − 7λ + 10 = (λ − 5)(λ − 2).

Pamatiriksi ya kukula kulikonse

Matiriksi ikakhala ndi mizere n, polinomiyo yake p(λ) = det(λI − A) imayamba ndi λⁿ, ndipo chiphunzitso chachikulu cha aljebura, chomwe Carl Friedrich Gauss anachilembera umboni mu 1799, chimatsimikiza kuti polinomiyo yotere imagawika kukhala (λ − λ₁)(λ − λ₂)…(λ − λₙ), malinga ngati manambala a kompulekisi aloledwa ndipo mizu yobwereza yalembedwa kangapo monga ikubwerezera.

Za ditaminanti umboni wake ndi waufupi. Pakaikidwa λ = 0, mbali imodzi imapereka det(−A), yomwe ndi (−1)ⁿ det(A) chifukwa mzere uliwonse mwa mizere n wasintha chizindikiro, ndipo mbali inayo imapereka (−1)ⁿ λ₁λ₂…λₙ. Kuchotsa (−1)ⁿ mbali zonse kumasiya det(A) = λ₁λ₂…λₙ.

Za tiresi pamafunika kuyang'anitsitsa m'mene ditaminanti imamangidwira. Ditaminanti ndi chiphatikizo cha zigawo zambiri, ndipo chigawo chilichonse chimapangidwa pochulukitsa manambala n osankhidwa mwakuti mzere wopingasa uliwonse upereke imodzi ndi mzere wotsika uliwonse uperekenso imodzi. M'matiriksi λI − A, chilembo λ chili pa dayagonolo pokha. Chigawo chimene chasankha dayagonolo yonse ndi (λ − a₁₁)(λ − a₂₂)…(λ − aₙₙ), ndipo chikatambasulidwa chimapereka λⁿ − (a₁₁ + a₂₂ + … + aₙₙ)λⁿ⁻¹ ndi zina zotsatira. Chigawo china chilichonse chiyenera kusiya dayagonolo pamalo osachepera awiri, popeza nambala yotengedwa pa mzere wopingasa i ndi mzere wotsika j imatsekereza malo a dayagonolo a nambala i ndi a nambala j nthawi imodzi. Chotero zigawo zinazo sizingapitirire λⁿ⁻², ndipo sizikhudza konse kowefishenti wa λⁿ⁻¹. Kowefishentiyo ndi −tr(A) mbali imodzi ndi −(λ₁ + … + λₙ) mbali inayo. Apa ndi pomwe pagona yankho la funso lomwe limasautsa woyamba kumene, lakuti zimatheka bwanji tiresi kunyalanyaza manambala onse a kunja kwa dayagonolo pamene aigenivaliyu iliyonse imadalira manambala omwewo. Manambala akunjawo amatha kukweza aigenivaliyu ina ndi kutsitsa inzake, koma alibe mphamvu pa chiphatikizo chake. Mu A ija, 1 ndi 2 a kunja kwa dayagonolo anakankha 4 kufika pa 5 ndi kutsitsa 3 kufika pa 2, ndipo 7 sanagwedezeke.

Chimene manambalawa akuyeza

Ditaminanti ili ndi tanthauzo looneka ndi maso: ndi mlingo umene matiriksi imakulitsira malo, kapena voliyumu ikakhala ya mizere itatu. Mavekita (1, 1) ndi (1, −2) akaikidwa ngati mbali ziwiri za paralelogiramu, malo ake ndi 3. Akadutsa mu A amasanduka (5, 5) ndi (2, −4), ndipo malo a paralelogiramu yatsopano ndi 30. Mbali ina yatalika kasanu, inzake kawiri, ngodya ya pakati sinasinthe, choncho malo akula kakhumi. Popeza matiriksi imakulitsa malo a chinthu chilichonse ndi mlingo umodzi, 10 yemweyo ndiye ditaminanti. Kuchokera pamenepa zimaonekanso kuti ditaminanti imakhala 0 pokhapokha imodzi mwa aigenivaliyu ikakhala 0, ndipo zikatero mbali ina yaphwatalala n'kutheratu, mwakuti palibe matiriksi yomwe ingabwezeretse zinthu mwakale.

Tanthauzo la tiresi ndi lobisikako, koma limaonekera pamene kusintha kuli kwapang'ono. Ngati t ndi nambala yaing'ono kwambiri, matiriksi I + tA imasuntha chilichonse pang'ono chabe, ndipo aigenivaliyu zake ndi 1 + 5t ndi 1 + 2t. Ditaminanti yake ndi (1 + 5t)(1 + 2t) = 1 + 7t + 10t². Pa t = 0.01 zimapereka 1.071, pomwe 0.07 wachokera ku tiresi ndipo 0.001 yekha ndiye wachokera ku chigawo chomaliza. Motero tiresi ndi liwiro limene malo amayambira kukula, pamene ditaminanti ndi kukula konse kumene kwachitika.

Pali chifukwa china chozama chomwe chimamangiriza zinthu zitatuzi pamodzi. Manambala a m'matiriksi amadalira mavekita amene asankhidwa kukhala maziko oyezera, ndipo lamulo limodzimodzi losinthira mavekita limalembedwa ndi manambala ena maziko akasintha. Kusintha maziko kumalembedwa P⁻¹AP, pomwe mizere yotsika ya P ndiyo maziko atsopanowo, ndipo matiriksi ziwiri zolumikizana motere zimatchedwa zofanana chikhalidwe. Maziko a A akakhala (1, 0) ndi (2, 1), kapena (1, 0) ndi (1, 1), zotsatira zake ndi izi:

```
| 0  -5 |        | 2  0 |
| 2   7 |        | 2  5 |
```

Yoyambayo sifanana ndi A pamaonekedwe ngakhale pang'ono, koma tiresi yake ndi 0 + 7 = 7 ndipo ditaminanti ndi 0×7 − (−5)×2 = 10. Izi zimachokera ku malamulo awiri, tr(XY) = tr(YX) ndi det(XY) = det(X)det(Y), lachiwirili linatsimikizidwa ndi Augustin-Louis Cauchy ndi Jacques Binet mu 1812. Yachiwiriyo ndi ya makona atatu, kutanthauza kuti mbali imodzi ya dayagonolo kuli ziro yekhayekha, ndipo pamatiriksi yotere aigenivaliyu zimakhala pa dayagonolo penipeni, monga 2 ndi 5 akuonekera. Issai Schur anasonyeza mu 1909 kuti matiriksi ya sikweya iliyonse ingathe kusandutsidwa ya makona atatu posankha maziko oyenera a manambala a kompulekisi. Umenewu ndi umboni wachiwiri wa lamulo lonse lija, ndipo ndi wokhutiritsa kuposa woyamba chifukwa umasonyeza kuti tiresi ndi ditaminanti ndi za lamulo losinthira mavekita lenilenilo, osati za kalembedwe kake.

Pomwe kuwerenga kumalakwika

Cholakwa chofala kwambiri ndi kuiwala aigenivaliyu yobwereza. Matiriksi B iyi imachionetsa bwino:

```
B = | 2  1  1 |
    | 1  2  1 |
    | 1  1  2 |
```

Tiresi yake ndi 6. Ditaminanti, ikatambasulidwa pa mzere woyamba, ndi 2×(4 − 1) − 1×(2 − 1) + 1×(1 − 2) = 6 − 1 − 1 = 4. Mzere uliwonse ukaphatikizidwa umapereka 4, choncho (1, 1, 1) imasanduka (4, 4, 4) ndipo 4 ndi aigenivaliyu. Vekita (1, −1, 0) imatuluka momwe inalowera, choncho 1 nayenso ndi aigenivaliyu. Munthu amene waima pamenepa adzapeza 4×1 = 4, zomwe zikugwirizana ndi ditaminanti, ndipo angaganize kuti wamaliza. Koma 4 + 1 = 5, pamene tiresi ndi 6. Polinomiyo ya B ndi λ³ − 6λ² + 9λ − 4 = (λ − 4)(λ − 1)², kusonyeza kuti 1 ndi muzu wobwereza kawiri, ndipo kuwerenga koona ndi 4 + 1 + 1 = 6. Ditaminanti inalephera kugwira cholakwacho chifukwa kuchulukitsa ndi 1 sikusintha kanthu, monganso tiresi singagwire aigenivaliyu 0 yoiwalika. N'chifukwa chake mayeso awiriwa ayenera kuchitidwa onse.

Kubwerezaku kumawerengedwa m'polinomiyo, osati pa kuchuluka kwa maaigenivekita. Matiriksi ya mizere (1, 1) ndi (0, 1) imasiya mzere wopingasa pamalo pake n'kukankhira kumbali zonse za pamwamba pake, monga mulu wa mapepala umapendekera ukakankhidwa pamwamba. Ili ndi mzere umodzi wokha wa maaigenivekita, wa (1, 0), komabe polinomiyo yake ndi (λ − 1)², ndipo 1 ayenera kuwerengedwa kawiri kuti tiresi 2 ikwane. Matiriksi yomweyi imaperekanso chenjezo lina: tiresi yake, ditaminanti yake ndi aigenivaliyu zake n'zofanana ndendende ndi za I, koma I sisuntha kanthu pamene iyo imapendeketsa. Kufanana kwa manambala atatuwa sikutanthauza kuti matiriksi ziwiri n'zofanana chikhalidwe.

Cholakwa chachiwiri ndi kukana manambala a kompulekisi, omwe amapangidwa ndi i, nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka −1. Matiriksi ya mizere (1, −2) ndi (2, 1) imazunguza vekita iliyonse ndi kuitalikitsa, choncho palibe muvi wa papepala umene umatsala pa mzere wake. Wofufuza pakati pa manambala enieni okha adzanena kuti palibe aigenivaliyu, ndipo lamulo lidzaoneka ngati lagwa, popeza tiresi 2 ndi ditaminanti 5 zilipobe. Polinomiyo λ² − 2λ + 5 ili ndi mizu 1 + 2i ndi 1 − 2i. Ikaphatikizidwa, 2i ndi −2i zimafafanizana n'kutsala 2, ndipo ikachulukitsidwa imapereka 1 − 4i² = 5. Pamatiriksi ya manambala enieni mizu ya kompulekisi imabwera iwiriiwiri motere nthawi zonse, ndiye chifukwa chake tiresi ndi ditaminanti sizikhala ndi i. Pamizere iwiri, mtundu wa mizu umadziwika isanapezeke, poyang'ana tr² − 4det: ikaposa 0 mizu ndi yeniyeni ndi yosiyana, monga 49 − 40 = 9 pa A; ikakhala 0 muzu ndi umodzi wobwereza; ikachepera 0, monga 4 − 20 = −16 apa, mizu ndi ya kompulekisi.

Cholakwa chachitatu chimachokera ku chizolowezi chabwino chogwiritsidwa ntchito pamalo olakwika. Pothetsa maikwezhoni ophunzira amazolowera kuchotsera mzere wina ku unzake mpaka matiriksi itakhala ya makona atatu, ndipo ena amaganiza kuti manambala otsala pa dayagonolo ndiwo aigenivaliyu. Theka la mzere woyamba wa A likachotsedwa ku mzere wachiwiri, mizere imakhala (4, 1) ndi (0, 2.5). Ditaminanti idakali 4×2.5 = 10, popeza kuchotsera kotere sikuisintha, koma 4 + 2.5 = 6.5, osati 7. Kuchotsera mizere ndi kuchulukitsa A ndi matiriksi ina mbali imodzi yokha, si P⁻¹AP ayi, motero aigenivaliyu zasintha, ndipo tiresi ndiyo imaulula zimenezi nthawi yomweyo.

Kugwiritsa ntchito lamuloli

Phindu lenileni limaoneka pamene aigenivaliyu imodzi ikudziwika kale. Chitsanzo chongoyerekeza ndi cha madera awiri, tauni ndi mudzi, kumene chaka chilichonse gawo 0.1 la anthu a m'tauni limasamukira kumudzi, ndipo gawo 0.2 la a kumudzi limasamukira m'tauni, chiwerengero chonse chili chosasintha. Matiriksi yake ili ndi mizere (0.9, 0.2) ndi (0.1, 0.8). Mzere wotsika uliwonse ukaphatikizidwa umapereka 1, popeza munthu aliyense ayenera kupezeka kwinakwake, ndipo matiriksi yotere nthawi zonse imakhala ndi aigenivaliyu 1. Tiresi ndi 1.7, choncho inayo ndi 1.7 − 1 = 0.7, ndipo ditaminanti 0.72 − 0.02 = 0.70 ikuvomereza. Aigenivaliyu 1 imasonyeza pomwe zinthu zidzakhazikike, pa (2, 1), kutanthauza anthu awiri m'tauni pa mmodzi aliyense wa kumudzi. Ya 0.7 imanena za liwiro: kusiyana kwa momwe zinthu zilili ndi pokhazikikapo kumachulukitsidwa ndi 0.7 chaka chilichonse, mwakuti pakatha zaka 10 kumatsala pafupifupi 0.028 ya kusiyana koyamba. Palibe polinomiyo imene yathetsedwa apa, kuchotsera kumodzi kwakwanira.

Pa B ija njira ndi yomweyo. Pakadziwika 4 yekha, ziwiri zotsalazo ziyenera kuphatikizana kukhala 6 − 4 = 2 ndi kuchulukitsana kukhala 4 ÷ 4 = 1, ndipo manambala okhawo otero ndi 1 ndi 1.

Lamuloli limathandizanso poweruza kukhazikika. M'maikwezhoni a mtundu wa x′ = Ax, omwe amafotokoza zinthu ziwiri zosintha pamodzi m'kupita kwa nthawi, monga malo ndi liwiro la chinthu cholendewera pa sipiring'i, zonse zimabwerera pa ziro pokhapokha gawo lenileni la aigenivaliyu iliyonse likachepera 0. Pamizere iwiri izi zimachitika ndendende pamene tr(A) < 0 ndi det(A) > 0. Ngati mizu ndi yeniyeni, ditaminanti yoposa 0 imanena kuti ili ndi chizindikiro chimodzi, ndipo tiresi yochepera 0 imanena kuti chizindikirocho ndi chochotsera. Ngati ndi ya kompulekisi, gawo lake lenileni ndi theka la tiresi. Ditaminanti ikachepera 0, mizu ndi yeniyeni, umodzi pamwamba pa 0 ndi wina pansi pake, ndipo palibe kukhazikika, tiresi ikhale iliyonse.

Malire ake

Zonsezi zimayenda bwino pamizere iwiri chifukwa zosadziwika ndi ziwiri ndipo zodziwika ndi ziwiri. Kuyambira pamizere itatu tiresi ndi ditaminanti sizikwanira. Matiriksi yokhala ndi 1, 5, 8 pa dayagonolo ndi ziro pena ponse ili ndi tiresi 14 ndi ditaminanti 40, ndipo yokhala ndi 2, 2, 10 ilinso ndi tiresi 14 ndi ditaminanti 40, ngakhale palibe aigenivaliyu ndi imodzi yomwe imene ikupezeka mwa zonse ziwiri. Kuweruza kukhazikika nakonso kumalephera. Aigenivaliyu −1, −1, −1 zimapereka tiresi −3 ndi ditaminanti −1, ndipo n'zokhazikika, pamene −5, 1, 1 zimapereka tiresi −3 ndi ditaminanti −5, zizindikiro zomwezo, koma mbali ziwiri zikukula mosalekeza.

Chosowacho ndi kowefishenti wapakati. Pamizere itatu polinomiyo ndi λ³ − tr(A)λ² + sλ − det(A), pomwe s = λ₁λ₂ + λ₁λ₃ + λ₂λ₃, kutanthauza aigenivaliyu zochulukitsidwa ziwiriziwiri kenaka n'kuphatikizidwa. Nambala s nayo imawerengeka kuchokera m'matiriksi: mzere wopingasa ndi mzere wotsika wa nambala imodzi ya pa dayagonolo zikafafanizidwa pamatsala matiriksi ya mizere iwiri, ndipo s ndi chiphatikizo cha ditaminanti zitatu zotsala motere. Pa B iliyonse ndi 2×2 − 1×1 = 3, zonse pamodzi 9, ndipo 4×1 + 4×1 + 1×1 = 9. Pa 1, 5, 8 nambala s ndi 53, pamene pa 2, 2, 10 ndi 44, ndipo matiriksi ziwiri zija zasiyanitsidwa. Tiresi ndi ditaminanti ndi woyamba ndi womaliza chabe mwa makowefishenti n, ndipo onse pamodzi ndi omwe amadziwitsa aigenivaliyu mokwanira.

Njira ina yofikira makowefishenti apakatiwa ndi tiresi yomwe. Ngati Av = λv, ndiye kuti A²v = λ²v, motero tr(A²) = λ₁² + … + λₙ², ndipo zimapitirira choncho pa A³ ndi kutsogolo. Nambala iliyonse ya pa dayagonolo ya B² ndi 4 + 1 + 1 = 6, choncho tr(B²) = 18, zomwe zikugwirizana ndi 16 + 1 + 1. Kuchokera apa s = (tr(B)² − tr(B²)) ÷ 2 = (36 − 18) ÷ 2 = 9. Malamulo olumikiza ziphatikizo zotere ndi makowefishenti amadziwika ndi dzina la Isaac Newton, ndipo amatanthauza kuti tiresi za A, A², mpaka Aⁿ zimakwanira kumanga polinomiyo yonse, ditaminanti yomwe. Urbain Le Verrier, katswiri wa zakuthambo wa ku France, anagwiritsa ntchito njira imeneyi mu 1840 powerengera kusintha kwa njira za mapulaneti.

Malire ena ndi a kamasuliridwe. Ditaminanti yaing'ono si umboni wakuti aigenivaliyu ina ili pafupi ndi 0 poyerekeza ndi zinzake. Matiriksi ya mizere 100 yokhala ndi 0.1 pa dayagonolo yonse ili ndi ditaminanti 10⁻¹⁰⁰, nambala yochepa mosaneneka, komabe imangochepetsa chilichonse kakhumi ndipo imabwezeretseka mosavuta. Matiriksi ya aigenivaliyu 1,000,000 ndi 0.000001 ili ndi ditaminanti 1, koma imatambasula mbali ina mopitirira muyeso n'kufinya inzake pafupifupi kutheratu. Chimodzimodzinso tiresi 0 singasiyanitse 0 ndi 0, 3 ndi −3, kapena i ndi −i. Ndiponso, ngakhale tr(X + Y) = tr(X) + tr(Y) ndi det(XY) = det(X)det(Y), aigenivaliyu iliyonse payokha simvera malamulo amenewa. Matiriksi ya mizere (0, 1), (0, 0) ndi ya mizere (0, 0), (1, 0) zonse zili ndi aigenivaliyu 0 ndi 0, koma zikaphatikizidwa zimapereka matiriksi ya aigenivaliyu 1 ndi −1. Chiphatikizo chokha, 0, ndicho chasungika.

Choncho aliyense wowerengera aigenivaliyu, pamanja kapena pamakina, ayenera kuziyesa ndi tiresi komanso ditaminanti asanazigwiritse ntchito. Mayesowa akalephera, kuwerengako n'kolakwika mosakayikira. Akapambana pamatiriksi ya mizere iwiri, yankho latsimikizika, koma pamatiriksi ya mizere itatu kapena kuposerapo pafunikabe kuyesa makowefishenti apakati, kapena kubwerera ku Av = λv ndi kuyesa aigenivaliyu iliyonse payokha.